Mmene mungachotsere zikanga za pamsana ndi pachifuwa, ndi mmene mungadziwire kuti zathadi

Kuno ku Kasungu, kukangotentha mu Okutobala mpaka mvula itakhazikika, anthu ambiri amayamba kuona timawanga pamsana, pachifuwa, m'mapewa ndi m'khosi. Kwa ena timakhala totuwa ngati adontheza phulusa, kwa ena toderako kuposa khungu lawo. Timayamba ting'onoting'ono ngati mbewu ya mapira, kenako timalumikizana n'kukhala chigamba chachikulu. Sitipweteka, ndipo timangoyabwa pang'ono munthu akatuluka thukuta. Ambirife timati zikanga, pomwe achipatala amati tiniya vesikala.

Mphwanga, amene amapalasa kabaza pa boma, anavutika nazo zaka ziwiri. Anagula timachubu ta kilimu tambiri, anakhula msana ndi mwala mpaka kusupuka, koma chaka chilichonse zinkabwerera. Mankhwala oyenera analipo, ndipo ena anawagulapo ndithu. Iye ankangopaka pamene maso ake akuona, n'kumadikira kuti khungu libwerere mtundu wake pa sabata imodzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, ndiye ndifotokoza mmene tinachitira.

Choyambitsa ndi mtundu wa yisiti wotchedwa Malaseziya, umene umakhala pakhungu la munthu aliyense n'kumadya mafuta a pakhungupo. Kukatentha, thukuta likachuluka, khungu likamakhala lonyowa ndi lamafuta, yisitiyu amaswana mopitirira muyeso. Sikuti munthu ndi wauve, ndipo si matenda oti mwawatenga pogwirana chanza kapena kukhala moyandikana m'minibasi.

## Zofunika kukhala nazo

- Shampu wa ketokonazolo wa 2%, botolo la mamililita 100 kapena kuposerapo. Ngati palibe, funsani wa seleniyamu salufaidi wa 2.5%. Muwapemphe a pafamase akuonetseni nambalayo pabotolo, chifukwa shampu wamba wa mfundu nthawi zambiri amakhala wochepa mphamvu.
- Kilimu wa kulotirimazolo wa 1% kapena mikonazolo wa 2%, wa kumaso ndi malo ang'onoang'ono.
- Kathonje koyera.
- Foni kapena wotchi yowerengera mphindi. Foniyo ithandizanso kujambula msana.
- Thaulo louma ndi malaya oyera a thonje.
- Munthu wokuthandizani kumsana. Ameneyu musamunyalanyaze, pakuti palibe amene amafika bwinobwino pakati pa mapewa ake.

## Choyamba, tsimikizani kuti ndi zikangadi

1. Yesani ndi chikhadabo. Chitani izi masana panja, musanasambe ndiponso musanadzole mafuta. Sankhani banga limodzi, mulipale pang'ono ndi chikhadabo, kapena mukoke khungu mbali ziwiri ndi zala. Ngati ndi zikanga zamoyo, pamatuluka timamba tosalala kwambiri, toyera ngati ufa woyera umene watsalira m'lichero. Musakande mpaka kutuluka magazi, kupala kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Kumbukirani bwino mmene ufawo ukuonekera, chifukwa mudzabwereranso ku mayeso omwewa kumapeto.

Chenjezo: mukadzola mafuta kapena mukangotuluka m'bafa, timambato timamatirira ndipo simungatione. Mukhoza kuganiza kuti si zikanga pomwe ndi zomwezo.

2. Yesani ndi thonje. Sitepe iyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ngakhale imatenga mphindi ziwiri zokha. Khate likamayamba limabweranso ndi banga lotuwa kapena lofiirira, ndipo matendawa akadalipo m'dziko muno ngakhale ambiri amaganiza kuti anatha. Kusiyana kwake n'kwakuti banga la khate limachita dzanzi. Potani kathonje kakhale kosongoka, mutseke maso, mnzanu akukhudzeni nako mopepuka pakhungu labwino, kenako pakati pa banga, mosinthasintha, inu muziloza pamene mwamva. Pa zikanga mudzamva paliponse mofanana. Ngati pali banga limene simukumva, kapena limene silituluka thukuta ndipo ubweya unathothokapo, kapena ngati zala za m'manja ndi za kumapazi zimachita dzanzi, siyani za shampu mupite kuchipatala sabata yomweyo. Khate limachira, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo kulipeza msanga kumapulumutsa mitsempha. Ngakhale mutamva thonjelo, banga limodzi kapena awiri opanda timamba amene akhala miyezi osasintha ndi ofunika kuti adokotala awaone.

3. Onaninso matenda ena ofanana nazo. Chipere chimapanga mkombero wotukuka m'mphepete, pakati pakuoneka ngati pakupola, ndipo chimayabwa kwambiri. Vitiligo imayera mbee ngati mkaka, ilibe timamba, ndipo imakonda m'zala, m'milomo ndi mozungulira maso. Ana a ku pulayimale amakhalanso ndi timawanga totuwa m'masaya tobwera chifukwa cha kuuma kwa khungu. Zikanga zimene tikunena pano zimakonda achinyamata ndi akuluakulu a zaka za pakati, chifukwa khungu lawo ndi limene limatulutsa mafuta ambiri.

Mukatsimikiza, jambulani msana ndi chifuwa pa foni. Pakadutsa mwezi simudzakumbukira mmene zinalili, ndipo chithunzicho chidzakuthandizani.

## Kupaka mankhwala

4. Sankhani shampu kapena kilimu poona kukula kwa malo. Ngati muli ndi timawanga tochepa pamalo osaposa chikhatho, kilimu akwanira. Pakani kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, kwa milungu iwiri mpaka inayi, ndipo muzipitirira m'mphepete mwa banga ndi zala ziwiri. Mafuta a Whitfield, amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zing'onozing'ono, amathandizanso, ngakhale amalumaluma ndipo si oti mupake kumaso.

Koma ngati zafalikira msana ndi chifuwa, kilimu ndi kutaya ndalama. Kuti munthu wamkulu apake msana wonse ndi chifuwa kamodzi, pamafunika magalamu pafupifupi 7. Kawiri pa tsiku ndi magalamu 14, ndiye kachubu ka magalamu 20 sikangafike masiku awiri. N'chifukwa chake anthu amayamba kuumira, kumangodontheza pa mawanga akuluakulu okha, yisiti n'kumapitiriza kuswana pambali. Shampu amafika malo aakulu pamtengo wochepa.

5. Nyowetsani thupi, mupake kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Thirani madzi pang'ono kuti khungu linyowe. Tsanulirani shampu m'manja, wokwana supuni yaikulu imodzi kapena kuposerapo pang'ono, mumuchititse thovu. Yambani m'mutu ndi kuseri kwa makutu, tsikirani m'khosi, m'mapewa, pachifuwa, pamimba, manja mpaka m'zigongono, ndipo mnzanu apake msana wonse mpaka pamene pamadutsa lamba. Pakani paliponse, ngakhale pamene pakuoneka pabwinobwino. Yisitiyu amakhala atafalikira kale kuposa mmene mawanga akuonetsera, ndipo m'mutu ndi mmene amabisala kwambiri chifukwa muli mafuta ochuluka. Ngati mawanga afika m'ntchafu, pakaninso kumeneko.

Chenjezo: asalowe m'maso, ndipo musapake pabala, pamene mwakanda mpaka kusupuka, kapena kumaliseche. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Ngati munakhula khungu ndi mwala, dikirani lipole kaye.

6. Dikirani, ndipo muwerenge mphindi pa foni. Wa ketokonazolo akhale pakhungu mphindi 5. Wa seleniyamu akhale mphindi 10. Zikuoneka zochepa, koma munthu ukaima m'bafa la udzu uli ndi thovu thupi lonse, kamphepo kakuwomba, mphindi imodzi imatalika. Mphwanga tsiku loyamba anayamba kudzithira madzi pasanathe mphindi ziwiri, akuti, "Achimwene, zakwana, ndawerenga mumtima." Ndinamuonetsa foni, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkatchera alamu. Mankhwalawa amagwira ntchito pa nthawi imene akhudzana ndi khungu. Mukawatsuka ngati sopo, mwangosamba basi.

Nthawi yabwino ndi madzulo mukaweruka, thukuta la tsikulo litatha, madzi ali ofunda pang'ono. Vulani mikanda, ndolo ndi mphete ngati mukugwiritsa ntchito wa seleniyamu, chifukwa amadetsa zitsulo. Alinso ndi kafungo kamene ena sakakonda, koma kamachoka mukatsuka bwino.

7. Tsukani, pukutani mpaka kuuma, valani malaya oyera. Musabwererenso m'malaya amene munavala masana. Usiku umenewo musadzole mafuta olemera pamsana ndi pachifuwa. Khungu likauma kwambiri kapena likamathina, dzolani loshoni wopepuka pang'ono chabe.

8. Bwerezani tsiku lililonse osadumphitsa. Wa ketokonazolo ndi masiku 5 otsatizana. Wa seleniyamu ndi masiku 7 otsatizana. Lembani pakalendala kapena pakhoma. Kulumaluma pang'ono ndi kuuma kwa khungu n'zachizolowezi, makamaka ndi wa seleniyamu. Koma khungu likatupa, likafiira kwambiri, kapena likatuluka matuza, tsukani, siyani, mukaonane ndi achipatala.

Mawanga a kumaso musawapake shampu pafupi ndi maso. Gwiritsani ntchito kilimu uja kawiri pa tsiku kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ndiponso makolo amene akufuna kuthandiza mwana wamng'ono, afunse kaye kuchipatala asanayambe shampu.

## Kudziwa ngati zatha

Gawo ili muliwerenge mofatsa, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimathera.

9. Pakatha milungu iwiri mutamaliza, yesaninso ndi chikhadabo. Bwererani ku mawanga omwe aja, masana, musanadzole kanthu. Palani malo atatu kapena anayi, kuphatikizapo m'mphepete mwa chigamba chachikulu. Ngati sipakutuluka ufa, ngati palibe timawanga tatsopano poyerekeza ndi chithunzi chija, ndipo kuyabwa kwasiya, yisiti wagonja. Mwachira, ngakhale mawanga akuonekabe.

Chifukwa chake n'chakuti yisitiyu amatulutsa asidi amene amalepheretsa khungu kupanga mtundu wake pamalo amene wakhala. Mukamupha, khungu limafunika nthawi kuti liyambirenso ntchito imeneyo. Kwa ena zimatenga milungu ingapo, kwa ambiri miyezi iwiri, itatu, ngakhale kuposa. Mawanga oderapo nawonso amazimiririka pang'onopang'ono. Kwa ife akhungu lakuda kusiyanaku kumaoneka kwambiri, ndiye kudikira kumawawa. Ndikudziwa atsikana amene anasiya kuvala madiresi oonetsa mapewa, ndi anyamata amene savula malaya pa bwalo la mpira chifukwa cha zimenezi, ndipo sindikuona ngati ndi nkhani yaing'ono. Komabe palibe kilimu wofulumizitsa mtundu kubwerera. Zikanga sizisiya zipsera, khungu limabwerera lokha.

Mphwanga anamaliza masiku ake 5 kumayambiriro kwa Disembala. Chakumapeto kwa mweziwo anabwera atakhumudwa, akuti mankhwala aja anali abodza, msana uli chimodzimodzi. Tinatuluka panja, ndinapala mawanga anayi, ndipo panalibe ufa ngakhale pang'ono. Tinayerekeza ndi chithunzi, ndipo panalibe banga latsopano. Sitinagulenso kanthu. Pofika nthawi yothyola fodya mu Febuluwale mawanga a pachifuwa anali atazimiririka, ndipo chigamba chachikulu cha pakati pa mapewa chinatha chakumapeto kwa Epulo.

10. Ngati ufa ukutulukabe, bwerezani kamodzi, kenako pitani kuchipatala. Dzifunseni moona mtima ngati munadikiradi mphindi zonse ndiponso ngati msana wonse unapakidwa. Bwerezani masiku aja mosamala. Zikakanika kachiwiri, kapena ngati zafalikira thupi lonse, pitani pachipatala cha m'dera lanu kapena pa chipatala chachikulu cha boma ku Kasungu. Kumeneko akhoza kupala timamba n'kutiyang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo akhoza kukulemberani mankhwala akumwa. Odziwika ndi fulukonazolo, amene pa matendawa amaperekedwa mamiligalamu 300 kamodzi pa sabata kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, ndi itirakonazolo. Amenewa musagule nokha. Sagwirizana ndi pathupi, amalemetsa chiwindi, ndipo amasokonezana ndi mankhwala ena, kuphatikizapo ena a TB ndi ena otalikitsa moyo. Auzeni adokotala mankhwala onse amene mukumwa.

Anthu ambiri a zikanga ndi athanzi labwinobwino. Koma ngati zikubwerera mwamsanga nthawi zonse, zikufalikira modabwitsa, ndipo mukuwonda kapena kudwaladwala, pemphani kuyezetsa shuga ndi HIV.

## Kuteteza kuti zisabwerere

11. Konzekerani nyengo yotentha isanafike. Yisitiyu sangathe pakhungu, pakuti ndi pakwawo. Munthu amene anadwalapo zikanga amakhala ndi khungu limene yisitiyu amalikonda, ndiye kubwerera n'kofala kwambiri. Njira yake ndi kupaka shampu yemwe uja, mofanana ndi poyamba koma tsiku limodzi lokha, kamodzi pa milungu iwiri kapena kamodzi pamwezi, kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itatha mu Epulo. Sankhani tsiku losaiwalika, monga Loweruka loyamba la mwezi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ambiri akhoza kupuma.

12. Chepetsani nthawi imene khungu limakhala m'thukuta. Sindinganene kuti musatuluke thukuta, chifukwa wa kabaza, mlimi amene akupalira, ndi mayi amene akusoka fodya m'chigafa alibe kochitira. Chimene mungasinthe ndi chovala. Majezi a mpira ndi malaya a nayiloni a pa kaunjika amasunga kutentha pakhungu, ndipo chikwama cha kumsana chimawonjezera. Mphwanga anayamba kuvala malaya a thonje mkati mwa chovala chake chowala cha pa ntchito, n'kumatenga ena osinthira masana. Mukafika kunyumba sambani msanga, musagone ndi malaya a kumunda. Mafuta ophikira, a kokonati ndi ena olemera musamadzole pamsana ndi pachifuwa m'nyengo yotentha. Sungirani miyendo ndi mapazi, kumene khungu limaumadi.

Zovala ndi zofunda chapani mwa masiku onse n'kuyanika padzuwa. Palibe chifukwa chowotcha malaya kapena kupatula mbale za wodwala.

## Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kilimu wa pamsika wochiza chilichonse. Timachubu tambiri togulitsidwa pa benchi, makamaka tolembedwa kuti timachiza matenda atatu nthawi imodzi kapena toyeretsa khungu, timakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la siteroyidi, monga betametazoni kapena kulobetasolo. Masiku oyamba kuyabwa kumasiya ndipo munthu amasangalala. Koma mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha khungu, yisiti amafalikira, khungu limapyapyala, pamabwera ziphuphu ndi mizere yosatha. Mlongo wina wa kumpingo kwathu anapaka kachubu kotere miyezi itatu, ndipo zikanga zimene zinali m'khosi mokha zinatsikira mpaka pamimba. Funsani wogulitsa akuuzeni zimene zili m'katimo, ndipo ngati sakudziwa, musagule.

Kuyeretsa khungu lonse kuti lifanane ndi mawanga. Ena amaganiza kuti akayeretsa pozungulira, mawanga sadzaoneka. Mawanga aja akanazimiririka okha, koma kuwonongeka kobwera ndi mafuta oyeretsa khungu kumatha kukhala kwa moyo wonse.

Kukhula ndi kuwotcha. Mwala, chitsononkho, madzi a batire, mafuta a mabuleki, mankhwala oyeretsa zovala, adyo wosinja womangirira pakhungu: zonsezi ndaonapo anthu akuyesa. Zimapsereza khungu n'kusiya chipsera chakuda pamene zikanga sizikanasiya kanthu.

Kumwa mankhwala a chipere. Girisiyofuluvini, amene ana amamwa akakhala ndi chipere cha m'mutu, sagwira ntchito pa yisitiyu. Mapiritsi a tebinafini nawonso sathandiza pa zikanga, ngakhale kilimu wake amathandiza. Mapiritsi a ketokonazolo musamwe n'komwe pa matendawa, chifukwa akhoza kuwononga chiwindi koopsa. Shampu wake ndi wabwino chifukwa salowa kwenikweni m'magazi. Maantibayotiki monga amokisisilini ndi bakitirimu amapha mabakiteriya, ndipo pano alibe ntchito.

Kupitiriza mankhwala miyezi chifukwa mawanga akuonekabe. Shampu wa tsiku lililonse kwa miyezi amaumitsa khungu mpaka kuyamba kusuluka, munthu n'kumaganiza kuti kusulukako ndi zikanga, n'kuwonjezeranso mankhwala. Mukamaliza masiku anu, lekani, dikirani milungu iwiri, muyese ndi chikhadabo.

Kuimba mlandu mnzanu wa m'nyumba. Ndamvapo mabanja akukangana kuti wina wabweretsa matenda a kunja, ndipo ena amathamangira kunena kuti ndi magazi oipa kapena kuti wina wawachita chipongwe. Zikanga si matenda opatsirana pogonana ndipo sizili m'magazi. Anthu awiri a nyumba imodzi akakhala nazo, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti akugona m'chipinda chimodzi chotentha cha malata, akugwira ntchito imodzi, kapena ndi apachibale amene khungu lawo n'lofanana. Ngati nonse muli nazo, gulani mabotolo awiri, muyambe tsiku limodzi, wina azipaka mnzake kumsana ndipo foni imodzi iziwerengera mphindi za nonse.